Kusiya Excel n'kupita ku ERP: njira zinayi, ndi zimene kalata yopita ku bodi iyenera kunena

Tiyerekeze koparetivi ya alimi imene ofesi yake ili pa boma la Ntcheu, ndipo madepoti ake ali ku Lizulu ndi ku Tsangano. Imagula soya ndi nyemba kwa mamembala pafupifupi 900, ndipo mu Okutobala imawapatsa feteleza ndi mbewu pa ngongole yodzadulidwa pogulitsa zokolola. Kalaliki wa depoti iliyonse ali ndi fayilo yake ya Excel imene amatumiza pa WhatsApp Lachisanu, ndipo akauntanti amaphatikiza zonse pamanja. Manijala watopa nazo, akufuna kulembera bodi kalata yopempha chilolezo chogula ERP, pulogalamu imodzi imene sitoko, ngongole, malonda ndi mabuku a ndalama zimakhala pamalo amodzi, moti thumba likalowa ku Lizulu nthawi yomweyo limaonekanso m'buku la akauntanti.

Makalata ambiri otere amagwa pa chinthu chimodzi: amatchula dzina la pulogalamu ndi mtengo wogulira, basi. Bodi ikavomera, chaka chachiwiri kumabwera invoisi ya madola imene palibe anaiyembekezera. Chimene bodi iyenera kuvomereza ndi ndalama zonse za zaka zisanu, gawo la ndalamazo lolipidwa m'madola, ndi dzina la udindo wa munthu amene adzasenze ntchitoyo. Manambala onse a koparetivi yathuyi ndi ongoyerekeza kuti kawerengedwe kaoneke. Inu mudzaikepo a m'makoteshoni anu.

Zoyezera

Choyamba ndi mtengo wa zaka zisanu, osati wa tsiku logula. Muli zinthu zisanu: laisensi, malipiro a okhazikitsa ndi kuphunzitsa antchito, zida monga malaputopu, mapulinta ndi sola, intaneti ya malo onse, ndi thandizo la chaka ndi chaka. Pa chilichonse lembani ngati chimalipidwa m'makwacha kapena m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 usiku umodzi, ndipo mu Meyi 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Amene amalipira laisensi m'madola anaona bilu yawo ikukwera popanda kuwonjezera munthu ndi mmodzi yemwe. Palinso vuto lopeza madolawo kubanki pa nthawi yake.

Chachiwiri ndi kupezeka, ndipo apa tikunena zinthu ziwiri. Kodi m'Malawi muno muli anthu oidziwa pulogalamuyo, amene mungawaimbire foni n'kubwera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre? Nanga magetsi a ESCOM akazima kapena netiweki ikagwa tsiku la msika, alimi ali pamzere ndi matumba awo, kalaliki alemba pati?

Chachitatu ndi kusamalira: ndani adzasunga kope la zonse tsiku ndi tsiku, ndani adzasintha magawo a PAYE kapena VAT boma likawasintha mu bajeti, ndani adzatseka akaunti ya wantchito amene wachoka. Chachinayi ndi zoopsa, makamaka funso limene ogulitsa sakonda kumva: tikafuna kuchoka kwa inu, mabuku athu titenga bwanji, ndipo pa mtengo wanji?

Njira yoyamba: kukhalabe pa Excel, koma kuikhwimitsa

Njira imeneyi iyenera kulembedwa m'kalata ngakhale simukuifuna, chifukwa bodi yanzeru idzafunsa kuti tikangokhala chitani.

Mtengo. Ndi wochepa, mwina K4,000,000 pa zaka zisanu: malaisensi enieni a Office, masiku angapo a munthu wokonza mafayilo, ndi mabuku a malisiti okhala ndi manambala otsatana.

Kupezeka. Palibe yoiposa. Aliyense wa zamaakaunti amaidziwa, ndipo imagwira ntchito popanda netiweki.

Kusamalira. Pamafunika fayilo imodzi ya mamembala, aliyense ndi nambala yake. Mayina a katundu azisankhidwa pa mndandanda kudzera mu `Data Validation` m'malo molemba pamanja, ndipo mafomula atsekedwe ndi `Protect Sheet` kuti wina asafufute mzere n'kudzutsa `#REF!` m'lipoti la mwezi.

Zoopsa. Zinthu ziwiri sizikonzeka ngakhale mutakhwimitsa bwanji. Excel sisunga mbiri yodalirika ya amene wasintha nambala, ndiye 120 ikasanduka 102 palibe wofunsa. Komanso kalaliki wa ku Tsangano sangaone kuti mlimi amene wabwera ndi soya anatenga feteleza ku Lizulu, motero amamulipira ndalama zonse osadula ngongole. Ngati mavuto anu si awa awiri, mwina simukufunika ERP ayi.

Njira yachiwiri: pulogalamu yogula, pa seva ya mu ofesi

Yodziwika kwambiri kuno ndi Sage 200 Evolution, imene ambiri amaitchulabe kuti Pastel Evolution, yochokera ku South Africa.

Mtengo. Mumalipira laisensi yoyamba malinga ndi chiwerengero cha ogwiritsa ntchito ndi zigawo zimene mwasankha, kenako ndalama ya chaka ndi chaka. Pamwamba pake pali seva, kompyuta yaikulu yosungira zonse, ndi mabatire ake. Kwa anthu 8 a koparetivi yathu tiike K55,000,000 pa zaka zisanu. Koteshoni ingabwere m'makwacha, koma funsani ngati mtengo wa chaka chamawa umatsatira dola kapena randi, pakuti wogulitsa wa kunoyo nayenso amalipira kunja.

Kupezeka. Apa ndi pamene njirayi imawina. Maakauntanti ndi maodita ambiri anaigwiritsapo ntchito, ndipo akauntanti wanu akachoka, wolowa m'malo savutika. Mu ofesi imagwira ntchito ngakhale intaneti itagwa.

Kusamalira. Seva ndi yanu, fumbi lake ndi lanu, mphenzi ya m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu nayonso ndi yanu. Kope la zonse lizichoka m'chipindamo tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa miyezi itatu wina aziyesa kulibwezeretsa pa kompyuta ina. Kope losayesedwa nthawi zambiri limapezeka lopanda kanthu tsiku limene seva yapsa.

Zoopsa. Madepoti ndiwo mutu. Kuti kalaliki wa ku Tsangano alowe, pamafunika netiweki kwa iye, netiweki ku ofesi, ndi magetsi ku seva, zonse zitatu nthawi imodzi. Mabungwe ambiri akalephera izi amasiya madepoti pa mapepala n'kumalowetsa pa Lolemba. Zikatero mabuku a ndalama amakhala bwino ndithu, koma vuto la ngongole yosadulidwa lija limakhala pomwepo.

Njira yachitatu: ERP ya lendi, ya pa intaneti

Zitsanzo ndi Odoo Enterprise ya kampani ya ku Belgium ndi Dynamics 365 Business Central ya Microsoft. Simugula seva, mumalowa kudzera pa intaneti n'kumalipira pa munthu aliyense mwezi uliwonse.

Mtengo. Tiyerekeze madola 25 pa munthu pa mwezi. Anthu 8 pa miyezi 12 ndi madola 2,400, ndipo dola likakhala K1,750 ndiye K4,200,000 pa chaka. Kuphatikiza okhazikitsa, zida, intaneti ndi thandizo, zaka zisanu zikufika K57,000,000. Dola likakweranso ndi 44 peresenti kumayambiriro kwa chaka chachitatu, onjezani K5,500,000. Chenjerani ndi mtengo wotsitsidwa wa chaka choyamba. Pemphani kuti alembe wa chaka chachiwiri. Funsaninso akauntanti wanu za msonkho wa ndalama zolipira kampani yakunja.

Kupezeka. Paliponse pamene pali netiweki ya Airtel kapena TNM mungalowe, ndipo wapampando angaone malipoti pa foni yake. Netiweki ikagwa, ntchito imaima. Gawo logulitsira pa kauntala la Odoo limapitiriza kwa kanthawi popanda intaneti ngati linatsegulidwa kale, koma kulandira katundu ndi kuona ngongole ya membala kumafuna netiweki. Intaneti ya satelaiti ya Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 ndipo yathandiza malo ovuta, koma zida zake ndi ndalama ya mwezi zilowe m'bajeti.

Kusamalira. Iyi ndiyo yopepuka. Eni ake ndiwo amasunga makope ndi kuteteza seva. Koma zinthu zimene okhazikitsa anakusulirani mwapadera, monga fomu yodula ngongole pa malipiro a mlimi, zimafunika kuyesedwanso pulogalamu ikasintha, ndipo Odoo imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse.

Zoopsa. Mukachedwa kulipira chifukwa banki sinakupatseni madola, mukhoza kutsekeredwa kunja kwa mabuku anu omwe, ndipo zingachitike mu Meyi msika wa soya uli pakati. Chinanso, mayina, manambala a foni ndi ziphaso za alimi 900 zidzasungidwa kunja kwa dziko. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene amaliyang'anira ndi MACRA, limakhudza zimenezi, ndiye kontirakiti inene poyera kumene zikusungidwa.

Njira yachinayi: ERP yopanda laisensi yolipira

ERPNext, yopangidwa ndi kampani ya Frappe ya ku India, ndiyo chitsanzo chabwino. Palinso Odoo Community, koma dziwani kuti gawo lathunthu la maakaunti lili mu Enterprise; mu Community muli zolembera mainvoisi, zinazo mumawonjezera kuchokera kwa anthu ena.

Mtengo. Mawu oti "yaulere" asalowe m'kalata yanu. Chimene simulipira ndi laisensi ya munthu aliyense, ndiye kuwonjezera makalaliki anayi a ganyu nthawi yogula sikukweza bilu. Mumalipira malo osungira, mwina madola 50 pa mwezi, kapena K1,050,000 pa chaka. Okhazikitsa amadya zambiri kuposa m'njira zina chifukwa PAYE, penshoni, levi ya TEVET ndi msonkho wodula pa zokolola amazikonza okha: tiike K14,000,000, zida K7,000,000, intaneti K1,800,000 pa chaka, ndi thandizo K3,000,000 pa chaka kuyambira chachiwiri. Zonse ndi K47,250,000, ndipo dola likakwera monga tinayerekezera zimangowonjezeka ndi K1,400,000.

Kupezeka. Pa nkhani ya netiweki ikufanana ndi njira yachitatu. Kusiyana kuli pa anthu: oidziwa bwino ndi ochepa kuyerekeza ndi a Sage. Musasaine musanapeze makampani awiri osiyana amene angaisamalire, ndipo mukaone ndi maso anu bungwe limodzi limene laigwiritsa ntchito chaka chathunthu n'kudutsa pa odita. Kumeneko mukalankhule ndi kalaliki wa sitoko, osati bwana yekha.

Kusamalira. Pamafunika kontirakiti yolembedwa: akalandira foni ayankha m'maola angati, makope amasungidwa kuti, kusintha kupita ku mtundu watsopano ndi ndalama zingati.

Zoopsa. Chachikulu ndi kudalira munthu mmodzi. Mnyamata waluso amakhazikitsa zonse pa akaunti ya dzina lake, akapeza ntchito kunja pasiwedi imapita naye. Akaunti ya seva ndi ya `Administrator` zikhale m'dzina la bungwe, ndipo pasiwedi ikhale mu envulopu yomata kwa wapampando. Izi zikukhudzanso amene akuganiza zongolembetsa pulogalamu yawoyawo kwa katswiri wa makompyuta: pamenepo ngoziyo imakula, chifukwa palibe wina padziko amene akuidziwa.

Pa njira zitatu zogulazi funsani funso limodzi mofanana: kodi pulogalamu yanu ilumikizidwa bwanji ku dongosolo la mainvoisi la EIS, limene MRA inakonza kuti lilowe m'malo mwa makina a EFD, ndipo mtengo wake uli m'koteshoni kapena ubwera padera?

Kuwerenga phindu popanda kudzinamiza

Apa ndi pamene makalata ambiri amakokomeza. Koparetivi yathu imagula matumba 12,000 a makilogalamu 50 pa chaka, ndipo powerenga kumapeto pamasowa 180. N'zosavuta kulemba kuti ERP ipulumutsa matumba 180, koma si zoona. Soya wogulidwa chinyezi chili pa 15 peresenti akauma kufika pa 12, makilogalamu 1,000 amatsala 966. Amenewo ndi madzi, ndipo palibe pulogalamu yowabweza. Mankhwala ake ndi kachipangizo koyezera chinyezi pa sikelo. Tinene kuti matumba 100 apita ndi kuuma, 80 ndiwo alibe mwini. Mwa amenewa lonjezani theka lokha, 40, pa K60,000 lililonse: K2,400,000.

Chitani chimodzimodzi ndi zinazo. Pa ngongole ya K7,000,000 imene sinadulidwe chaka chatha, lonjezani K5,000,000. Malisiti olipidwa kawiri, kamodzi pa Mpamba kamodzi pamanja, K2,000,000. Masiku owonjezera a odita ndi ovataimu, K1,600,000. Zonse ndi K11,000,000 pa chaka. Chaka choyamba tengani theka pakuti anthu amakhala akuphunzira, ndiye zaka zisanu ndi K49,500,000. Nthawi ya akauntanti yopulumutsidwa musaisandutse makwacha ngati malipiro ake sakusintha. Ingoilembani kuti lipoti la mwezi lizituluka pa 5 m'malo mwa pa 20. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: nambala iliyonse ichokere m'mabuku anu kapena m'kalata ya odita.

Taonani zotsatira zake. Pa bungwe la msinkhu uwu, njira yachiwiri ndi yachitatu sizikubweza ndalama zake m'zaka zisanu, ndipo yachinayi ikungodutsa pang'ono. Bodi iuzidwe zimenezi momwe zilili. Ikhoza kuvomerabe chifukwa cha zinthu zina, monga banki imene ikufuna malipoti a sitoko mwezi uliwonse isanapereke ngongole yogulira mbewu, koma ivomere ikudziwa.

Kalatayo

Isapitirire masamba awiri; makoteshoni atatu ndi tebulo la zaka zisanu zikhale zomata kumbuyo. Pempho likhale m'ndime yoyamba.

Kwa a Wapampando ndi mamembala a bodi,

PEMPHO LOSINTHA KASUNGIDWE KA MABUKU KUCHOKA PA EXCEL KUPITA PA ERP

Ndikupempha bodi kuti ivomereze K23,850,000 ya chaka choyamba ndi K5,850,000 pa chaka kwa zaka zinayi zotsatira, kuti tikhazikitse ERPNext ku ofesi, ku Lizulu ndi ku Tsangano. Pa ndalamazi, K1,050,000 pa chaka ndi yolipidwa m'madola ndipo ikhoza kukwera.

Chaka chatha ngongole ya K7,000,000 sinadulidwe chifukwa madepoti saonerana mabuku, matumba 80 sanadziwike kumene anapita, ndipo malisiti a K2,000,000 analipidwa kawiri. Tayerekeza njira zinayi, kuphatikizapo kukhalabe momwe tilili. Imene tasankha idya K47,250,000 m'zaka zisanu n'kubweza pafupifupi K49,500,000. Phindu lake ndi lochepa, ndipo likudalira kuti makalaliki azilowetsa lisiti lililonse tsiku lomwelo.

Ndikupempha kuti ndalama zituluke magawo atatu: loyamba posaina, lachiwiri mabuku a ofesi ndi a Lizulu akagwirizana ndi a Excel kwa miyezi iwiri, lachitatu Tsangano ikalowa. Gawo lachiwiri likalephera, tiima n'kubwerera kwa inu. Woyang'anira ntchitoyi adzakhala akauntanti wathu, ndipo msungichuma wa bodi azilandira lipoti mwezi uliwonse.

Ine wanu pa ntchito,
Manijala

Onani malamulo a bungwe lanu musanatumize, pakuti m'makoparetivi ena ndalama zochuluka chonchi zimafuna chilolezo cha msonkhano waukulu wa pachaka. M'zomata muikemo kalendala. Musayambe mu Epulo kapena Meyi pamene alimi akubweretsa zokolola, kapena mu Okutobala pogawa feteleza. Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili zopepuka kuwerenga, ndiyo nthawi yake. Ikanimonso masabata osachepera anayi oyeretsa mndandanda. Mlimi mmodzi amapezeka atalembedwa katatu mosiyana kalembedwe, ndipo chomugwirizanitsa ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Muyeso nawonso ukhale umodzi, kilogalamu. Aliyense amene anagulapo mbatatesi pa Lizulu akudziwa kuti thumba losokerera pamwamba si muyeso, ndipo ERP ikapatsidwa "thumba" pa depoti ina ndi "ndowa" pa ina idzatulutsa zabodza mwaukhondo. Pomaliza, buku la malisiti la makope atatu likhalebe pa depoti iliyonse la tsiku limene netiweki yagwa, ndi lamulo loti zilowetsedwe pasanathe maola 24.

Njira iti kwa yani

Ngati muli ndi malo amodzi, olemba mabuku osapitirira atatu, ndipo simupereka ngongole kwa mamembala, khwimitsani Excel. Sitolo ya zipangizo zaulimi pa Chimbiya kapena chigayo chokhala ndi nkhokwe imodzi sizingabweze K47,000,000.

Ngati ntchito yonse imachitikira mu ofesi imodzi pa boma la Dedza kapena Ntcheu, vuto lanu lalikulu ndi odita ndi misonkho, ndipo intaneti siyodalirika, tengani ya pa seva ya mu ofesi, bola mugule sola ndi kusunga kope kunja kwa nyumbayo.

Ngati mumapeza madola, kaya pogulitsa kunja kaya kuchokera kwa othandiza, ndipo mulibe munthu wa makompyuta, ya lendi ikuyenerani. Koma ngati akulipira ndi pulojekiti ya zaka zitatu, kalata inene amene adzalipire chaka chachinayi.

Ngati muli ndi madepoti angapo, makalaliki amachuluka nthawi yogula, ndalama zanu zonse ndi makwacha, ndipo mwapeza makampani awiri oidziwa, tengani yopanda laisensi. Mukapeza kampani imodzi yokha, kapena ngati depoti yanu yaikulu ilibe netiweki yodalirika, dikirani chaka chimodzi pa njira yoyamba mukuyeretsa mndandanda wa mamembala, n'kudzalembanso kalatayo ndi manambala a chaka chimenecho.